Ndatsala Pang'ono Kufika

Basi inafa dzuwa litangotuluka kumene. Siinachite phokoso lalikulu ayi. Kunsi kwa mpando wa dalaivala kunangomveka kuti phwa, kafungo ka mphira wopsa n'kulowa m'kati, dalaivala n'kuikhotetsera pambali pa msewu n'kuzimitsa injini. Kumanzere kunali tchire, kumanja tchire, kutsogolo chitunda chopanda ndi nyumba imodzi yomwe.

Mayi Tulo anali pa mpando wa pawindo, chikwama chili pamiyendo. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kuchipatala, chifukwa ntchito yake inali yogoneka odwala ku fiyeta dokotala asanagwire mpeni, kuyang'anira mpweya ndi mtima wawo ali m'tulomo, kenako n'kuwadzutsa. Kuwodi ankamuopa. M'mawa wa tsiku la opaleshoni ankaima pa bedi n'kufunsa wodikirira wodwala kuti, "Wadya kanthu?" Munthu akayamba kuyang'ana kumbali, iye ankamudula: "Musandiuze zondisangalatsa, ndiuzeni zimene zachitika." Sikunali kuuma mtima. Munthu wogonekedwa ali ndi chakudya m'mimba akhoza kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo.

Paulendowu ankachokera kwa mayi ake, amene anali atadwala. Masiku opumawo anachita kuwapempha kwa a Sisitala, mkulu wa ku fiyeta, amene ankalemba ndandanda wa ntchito. A Sisitala anavomera monyinyirika, chifukwa sabata imeneyo kunabwera dokotala wachilendo wosoka milomo ya ana obadwa ndi mlomo wong'ambika. Dokotalayo ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo Lachisanu masana ankayenera kunyamuka kukakwera ndege. Wogoneka odwala wina analipo, koma anali atangotsiriza kumene sukulu, ndipo ana aang'ono anali asanamulole kuwagoneka yekha.

"Mukafike Lachinayi," a Sisitala anatero. "Lachisanu m'mawa tili ndi kamtsikana kaja."

Kamtsikanako Mayi Tulo anali atakayeza yekha asananyamuke. Kanali ka zaka zisanu, ndipo kankalankhula dzanja lili pakamwa. Mayi ake anafotokoza kuti sukulu zitsekulidwa mwezi wamawa, ndipo ankafuna kuti mwana akayambe mlomo uli wosoka, anzake asanamupeke dzina.

Lachinayi linafika, koma mayi a Mayi Tulo anagwira chikwama n'kunena kuti, "Mwana wanga, gona lero lokha. Basi ya m'bandakucha ilipo." Mwana wa munthu anagona. Anaimbira a Sisitala kuwapempha kuti ayambe ndi odwala awiri akuluakulu amene mnzake uja akanatha kuwagoneka, mwanayo amuike kumapeto, chakumasana. A Sisitala anangoti, "Ana timayamba ndi iwo chifukwa cha njala, mukudziwa." Kenako anati, "Chabwino," n'kudula.

Ndiye lero linali Lachisanu lija, ndipo basi inali itafa ulendo usanafike ndi pakati pomwe.

Dalaivala ndi kondakitala anatsekula chivundikiro cha injini, n'kutulutsa chingwe chakuda chothetheka ngati chikopa chakale. Anati ndi lamba amene amazunguliza fani ndi pampu ya madzi, ndipo popanda ameneyo injini ingapse. Wina wapadera analibe. Dalaivala anapita pambali kukaimba foni, n'kubwera akupukuta manja.

"Makolo, musadandaule. Makaniko wanyamuka kale ndi lamba. Pompano tinyamuka."

Anthu anatsika kukawongola miyendo. Bambo wa tayi amene anakhala moyandikana ndi Mayi Tulo anayamba kuimbira abwana ake ali chiimire m'tchiremo. "Ee bwana, tikulowa m'tauni. Nyumba ndikuziona kale. Ndi magalimoto chabe achuluka." Mayi Tulo anamuyang'ana kuyambira nsapato mpaka tayi. Koma anthu ena bodza! Iye sakanachita zimenezo. Anatulutsa foni yake, imene inali ndi moto wodzaza ndi netiweki yokwanira, n'kulemba uthenga kwa a Sisitala: "Mwadzuka bwanji Sisitala. Basi yavuta pang'ono panjira, koma akukonza. Ndichedwa pang'ono chabe." Anauwerenga kawiri ndipo sanapezemo bodza. Ndi zimene ananena dalaivala.

Foni inalira nthawi yomweyo. A Sisitala sankakonda zolembalemba.

"Pang'ono wake ndi wotani?"

"Makaniko ali m'njira, Sisitala."

"Muli pati?"

Mayi Tulo anayang'ana tchire lija. "Tadutsa kale pa mlatho waukulu," anatero. Mlathowo anali ataudutsadi, koma milatho ikuluikulu pa msewu umenewo inalipo iwiri, ndipo sananene kuti ndi uti.

"Mverani," anatero a Sisitala, kumbuyo kwawo kukumveka zitsulo zikugundana m'thireyi. "Ku chipatala cha tsidya lija ali ndi wogoneka ana. Ndikawapempha m'mawa uno, ambulansi ikhoza kukamutenga. Koma kukangofika masana amalowa ku fiyeta yawo, ndiye sitingamupezenso. Ndimuitane?"

Funso linali lolunjika, ndipo yankho lake linali la mawu amodzi. Koma kubwereka munthu wa chipatala china kunkadutsa mu ofesi ya mkulu wa chipatala chonse. Kumeneko akanafunsa kuti wathu ali kuti, ndipo a Sisitala akanayankha kuti anauzidwa kubwera Lachinayi koma anasankha kugona. Mayi Tulo anali atagwira ntchito zaka zambiri osachedwapo ku fiyeta, ndipo ankanyadira zimenezo kuposa mmene ankavomerera. Anachita manyazi. Komanso makaniko anali m'njira.

"Ayi, musavutike. Ndifika nthawi yabwino."

"Mwanayo ndimupatse madzi?"

Apa Mayi Tulo anawerengera mumtima. Madzi oyera mwana akhoza kumwa ngati kwatsala maola awiri kapena kuposerapo kuti agonekedwe. Kunena kuti amwe kunali kuvomera kuti maola awiri akwana iye asanafike. "Dikirani kaye," anatero. "Ndikuuzani tikangonyamuka."

Dzuwa linakwera. Mthunzi wa basi unayamba kufupika, anthu n'kumasunthira nawo limodzi. Mayi wina anayala nsalu n'kuyamba kusenda malalanje. Bambo wa tayi anali atavula jekete, ndipo pa foni anali atafika kale pa siteji ya basi, akuti akungodikira katundu wake atsitsidwe. Mayi Tulo sanangokhala manja lende ayi. Anaima m'mbali mwa msewu n'kumaimitsa chilichonse chodutsa. Minibasi ziwiri zinadutsa zitadzaza mpaka pakhomo. Galimoto yaing'ono inachepetsa liwiro, woyendetsa ataona khamu lonse likuthamangira, anaponda moto. Lole ya matabwa inaima, koma inkakhotera pa mphambano yapafupi.

Kondakitala akafunsidwa ankaloza chitunda chija. "Watsala pang'ono. Akuti wadutsa kale pa sikelo ya malole."

Uthenga wa a Sisitala unabwera: "Woyamba tatsiriza. Mwanyamuka?"

"Tatsala pang'ono," Mayi Tulo anayankha.

Mawu amenewa ankawadziwa bwino ulendo wake. Kuchoka pa foni ya a Sisitala apita kwa nesi wa kuwodi ya ana. Nesi akaima pakhomo n'kunena kuti, "Amayi, konzekani, atsala pang'ono kufika." Mayi wa mwana uja akachotsa kapu pa kabati n'kuibisa, n'kuuza mwana kuti, "Pirira, pompano." Zimenezi ankaziona tsiku ndi tsiku anthu ena akachedwa, ndipo ankakalipa. Lero anangoika foni m'chikwama n'kutseka zipi.

Mayi wa malalanje anamutambasulira theka. "Idyani, achemwali, mungakomoke." Mayi Tulo analandira, n'kuligwira m'manja nthawi yaitali osaliika pakamwa. Kenako anadya, chifukwa ludzu linali litamugwira.

Foni inaliranso dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu.

"Wachiwiri ali patebulo," anatero a Sisitala. "Adokotala akufunsa. Mwana akulira, milomo yauma. Ndikufunsaninso komaliza: ndiitane wa tsidya lija?"

Nthawi yomweyo kondakitala anakuwa kuti, "Uyo! Uyo akubwera!" Pamwamba pa chitunda panaoneka njinga yamoto ikutsika, ndipo anthu anayamba kutola zikwama zawo.

"Makaniko wafika, Sisitala. Ndikumuona ndi maso angawa. Musaitane."

"Chabwino."

Njinga ija inafika, inachepetsa liwiro, wokwerapo n'kuwaweyulira dzanja, n'kupitirira. Kumbuyo kwake anali atamangirira mbuzi. Anthu ena anaseka, ena anatukwana. Mayi Tulo anayang'ana foni ili m'manja. Akanatha kuimbanso pomwepo n'kunena kuti pepani, sanali iye. Anaganiza zodikira mphindi zochepa, mwina weniweniyo ali pambuyo pake. Mphindi zochepazo zinabala zinzake.

Dalaivala anali atakhala yekha kuseri kwa basi, pa tayala lapadera, akukanda pansi ndi kamtengo. Mayi Tulo anapita kukaima patsogolo pake, monga ankaimira pa bedi la wodwala m'mawa.

"Adalaivala, makanikoyo ali pati?"

"Watsala pang'ono, mayi."

"Musandiuze zondisangalatsa. Ndiuzeni zimene zachitika."

Dalaivala anakweza maso, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina akumva. "Lamba wa basi iyi ndi wosowa," anatero motsitsa mawu. "Akuyenda sitolo ndi sitolo. Akamupeza m'pamene anyamuke."

"Ndiye sananyamuke n'komwe?"

"Sananyamuke."

"Mwadziwa liti zimenezi?"

"M'mawa muja."

"Nanga basi ina?"

"Ku ofesi akuti tidikire kaye makaniko. Zonse zili pa msewu."

"Ndiye bwanji simunatiuze, bambo inu?"

Dalaivala anatambasula manja. "Mayi, anthu onsewa akanandidya wamoyo. Komanso ndimati mwina amupeza msanga."

Mayi Tulo anatsekula pakamwa kuti amulalatire. Mawu anali atafika kale pa lilime, ndipo anali mawu abwino, akuthwa, amene akanamukwana dalaivalayo ngati malaya ake. Koma ankamukwananso wina. Anatseka pakamwa, n'kupita kutali pang'ono ndi anthu, n'kuimba foni.

"Sisitala, sindifika lero. Makaniko sananyamuke, ndipo ife tili kutali, sitinafike ndi pakati pomwe. Ngakhale basi itadzuka pompano, adokotala ndiwapeza atapita. Chonde itanani wa tsidya lija."



"Ndaimba kale," anatero a Sisitala. "Nditaona kuti mwakhala chete ndinaimba ndekha. Walowa ku fiyeta, ali ndi odwala mpaka madzulo."

"Nanga adokotala sangadikire mpaka mawa?"

"Ndege siidikira munthu."

"Mwanayo mupatseni madzi a shuga kaye, pang'onopang'ono. Akakhazikika adye."

"Tamuika diripi. Anayamba kufooka." Mawu a a Sisitala anali osalala, opanda mkwiyo, ndipo zimenezo zinamupweteka Mayi Tulo kuposa kukalipiridwa. "Ntchito yanu ya lero masana ndamupatsa mnzanu. Inu mugwira Loweruka ndi Lamlungu m'malo mwake. Mawa mundipeze mu ofesi musanalowe kwina kulikonse."

"Pepani, Sisitala."

"Basi kufa si mlandu wanu," anatero a Sisitala. "Ine ndinakufunsani kawiri."

Makaniko anafika dzuwa litapendeka, pa galimoto ya kampani, ndipo lamba anamumanga mosakhalitsa n'komwe. Anthu anaombera m'manja. Bambo wa tayi anakwera akuuza abwana ake kuti wagwidwa ndi m'mimba mwadzidzidzi ndipo ali pa mzere ku chipatala. Ulendo uno Mayi Tulo sanamuyang'ane.

Kutacha anavala yunifolomu yake n'kukagogoda ku ofesi. Munali mwa masiku onse: tebulo lodzaza mafayilo, ketulo pakona, ndandanda wa ntchito utamatidwa pa chitseko cha kabati, dzina lake litafufutidwa pa Lachisanu n'kulembedwa ndi cholembera chofiira pa masiku awiri otsatira. A Sisitala anali akuwerenga mapaketi a magolovesi ndipo sanasiye.

"Akuluakulu ndawauza kuti basi inakuferani panjira. Zinazo sindinanene, mukanena nokha ngati mukufuna. Za ine zatha."

"Adokotala abweranso liti?"

"Anati atiuza. Mwina chaka chino, mwina chamawa. Mwanayo akutuluka lero. Amayi ake dzulo anandifunsa kuti chachitika n'chiyani, ine ndinati mwini wake adzafotokoza." Anatseka katoni n'kumuyang'ana. "Bedi lachitatu kuchokera pakhomo."

Ku wodi ya ana kunali kutangokolopedwa kumene, pansi pakadali ponyowa. Manesi awiri anamupatsa moni n'kupeza chochita kwina. Pa bedi lachitatu mayi uja anali atamanga kale katundu: beseni, bulangete, kapu ndi kachikwama ka sukulu katsopano, kapepala ka mtengo wake kakadali kolendewera pa lamba. Kamtsikana kanakhala pa bedi miyendo ili lende, kapulasitala ka diripi kali kuseri kwa dzanja. Kanali kakumwa tiyi ndi buledi, kakuviika pang'onopang'ono n'kumalowetsa cha pambali pakamwa, monga kanazolowera.

Mayiyo ataona yunifolomu anaimirira. "Mwafika, adokotala? Mwayenda bwanji? Tinamva za basi, pepani kwambiri."

Mayi Tulo akanakonda kuti amutukwane. Anakhala pa mpando wa pambali pa bedi kuti asalankhule ali chiimire.

"Amayi, basi inafadi. Koma opaleshoni siinalephereke chifukwa cha basi. Panali munthu wina amene akanabwera m'malo mwanga. A Sisitala anandifunsa m'mawa ngati amuitane, ine ndinakana, ndinkati ndifika. Mmene ndinkanena zoona n'kuti nthawi itatha. Mwanayu wakhala ndi njala tsiku lonse chifukwa cha ine."

Mayiyo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anatenga kapu imene anali atalongedza kale, anaiyang'ana, n'kuibwezera m'beseni.

"Ankangopempha madzi," anatero. "Ine n'kumati pirira, adokotala ako ali pa basi, atsala pang'ono. Akafika ugona, ukadzuka umwa. Mpaka anasiya kupempha." Anakweza maso. "Ndiye tibwerenso liti?"

Yankho linali lokonzeka kale pakamwa pa Mayi Tulo, lofewa, limene aliyense m'chipatalamo akanapereka: posachedwapa, amayi, musadandaule. Analimeza.

"Sindikudziwa. Adokotala sananene tsiku. Sukulu zitsekulidwa asanabwere."

Mayiyo anagwedeza mutu. Sanalire. Anayang'ana kachikwama ka sukulu kaja, n'kukakankhira pansi pa bulangete. Kenako, poti anali munthu waulemu, anatembenukira kwa mwana wake. "Iwe, sukupereka moni? Awa ndi adokotala ako aja, a pa basi. Afika."

Kamtsikana kanasiya kutafuna. Kanayang'ana yunifolomu, kanayang'ana mayi ake, kenako kanayang'ana buledi amene anatsala m'mbale. Mwamsangamsanga kanamutola yense n'kumukankhira m'kamwa, masaya n'kufufuma, n'kugwira kapu ya tiyi ndi manja onse awiri n'kuikumbatira pachifuwa.

"Pang'onopang'ono, utsamwa!" anatero mayi ake.

"Musiyeni," anatero Mayi Tulo. Anawerama kuti nkhope yake ifanane ndi ya mwanayo. "Idya, mwanawe. Palibe amene akulande. Lero ukudya."

Mwanayo anapitiriza kutafuna maso ali pa iye, ndipo kapu ija sanaisiye mpaka Mayi Tulo atatuluka m'wodimo.